Mwamaliza Achebe: mmene mungasankhire nthano yaitali yotsatira

Munthu akamaliza buku limene lamugwira mtima, amafunsa kuti, "Kodi lilipo lina longa limeneli?" Funsoli ndalimva kambirimbiri kuno ku Mangochi, kwa aphunzitsi, kwa ophunzira amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4, ngakhalenso kwa akuluakulu opuma pantchito, ndipo buku limene amalitchula kuposa ena ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria, limene linatuluka mu 1958. Wofunsidwayo nthawi zambiri amangotchula mayina a alembi otchuka a mu Afirika, ngati kuti kubadwira m'chigawo chimodzi cha dziko lapansi n'kokwanira kuti mabuku afanane. Inenso anandiyankha choncho. Nditangomaliza Achebe ndinapatsidwa The Beautyful Ones Are Not Yet Born la Ayi Kwei Armah wa ku Ghana, la mu 1968, ndipo ndinalisiya ndisanafike pakati. Bukulo ndi labwino, koma limakamba za kalaliki wa kunjanji amene akukana ziphuphu m'tauni yovunda ndi katangale, ufulu utabwera kale, pamene ine chimene chinandikoka mwa Achebe chinali china. Malangizo ali m'munsiwa achokera pa cholakwa chimenecho, ndipo ndigwiritsa ntchito buku la Achebe ngati chitsanzo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba, bwererani m'buku lomwe mwamalizalo

Musanayambe kufunafuna buku latsopano, tengani lakalelo pamodzi ndi pensulo ndi kope, ndipo mupeze malo atatu amene mukuwakumbukirabe popanda wokukumbutsani. Musasankhe malo amene aphunzitsi amati ndi ofunika pa mayeso. Sankhani pamene munaima kuwerenga n'kuyang'ana kumbali, kapena pamene munafotokozerako mnzanu tsiku lotsatira. Lembani nambala ya mutu ndi chiganizo chimodzi chonena zimene zikuchitika pamenepo. Ntchitoyi siyenera kupitirira theka la ola, koma ndi imene imawongola zonse zotsatira, chifukwa palibe munthu amene amakonda mbali zonse za buku mofanana.

Ine nditachita zimenezi, malo anga atatu anali awa. Pa mutu 7, Ikemefuna, mnyamata amene anakhala zaka zitatu pakhomo pa Okonkwo mpaka kumamutcha bambo, aphedwa, ndipo Nwoye, mwana woyamba wa Okonkwo, akungoona bambo ake akulowa pakhomo usiku n'kudziwa zimene zachitika. Pa mutu 16, amishoni afika ku Mbanta, kwawo kwa mayi ake a Okonkwo, ndipo chimene chimukoka Nwoye si chiphunzitso chawo, chimene sakuchimvetsa n'komwe, koma nyimbo imene ikuyankha mafunso amene wakhala nawo mumtima okhudza Ikemefuna ndi mapasa otayidwa kunkhalango. Pa mutu 17, Okonkwo amugwira pakhosi mwanayo n'kumumenya, ndipo Nwoye achoka pakhomo osabwereranso. Nditayang'ana malo atatuwa pamodzi, ndinadabwa kuona kuti Okonkwo, amene aliyense amati ndiye mwini nkhani, sanali pakati pa chidwi changa. Ine ndinkatsata mwana amene wakhala pakati pa nyumba ya bambo ake ndi sukulu ya alendo.

Mnzanu angathe kutuluka ndi malo ena kotheratu m'buku lomwelo. Wina adzalemba za Okoye pa mutu 1, amene wabwera kudzaitanitsa ngongole kwa Unoka, bambo ake a Okonkwo, koma akuzungulira ndi miyambi asanatchule chimene wadzera, ndiponso nthano ya kamba ndi mbalame ya pa mutu 11. Ameneyu amakonda kalankhulidwe. Wina adzalemba za Ekwefi, mayi amene anabereka ana khumi n'kuika m'manda asanu ndi anayi, ndiponso usiku umene analondola wansembe wamkazi Chielo atanyamula kumbuyo Ezinma, mwana wake yekhayo amene anatsala. Ameneyu akufuna kumva amayi amene bukuli linawapatsa malo ochepa. Winanso adzalemba za kugwa kwa Okonkwo mwini. Anthu anayiwa awerenga buku limodzi, koma sayenera kupatsidwa buku lotsatira lofanana.

Chachiwiri, lembani chiganizo chimodzi chokhala ndi munthu ndi vuto lake

Kuchokera pa malo atatu aja, pangani chiganizo chimodzi chimene mungamuuze woyang'anira laibulale kapena wogulitsa mabuku. Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amalemba mawu aakulu monga "chikhalidwe" kapena "utsamunda", ndipo mawu oterewa amakwana mabuku mazanamazana amene safanana m'pang'ono pomwe. Chiganizo chothandiza chimatchula munthu, chimene chikumukoka mbali ino, ndi chimene chikumukoka mbali inayo. Changa chinali chakuti, "Ndikufuna nkhani ya mwana amene maphunziro kapena chipembedzo chatsopano zikumuchotsa m'manja mwa makolo ake, ndipo wolembayo asaweruze mbali imodzi yokha." Mbali yomalizayi ndinaiwonjezera dala, pakuti chimene ndimalemekeza mwa Achebe n'chakuti amaonetsa ubwino wa Umuofia, kwawo kwa Okonkwo, popanda kubisa zimene zinamupweteka Nwoye. Njira yodziwira ngati chiganizo chanu chakhwima ndi iyi: ngati chingathe kukana buku lina lotchuka, ndiye kuti chili bwino. Changa chinakana buku la Armah nthawi yomweyo, ndipo ndikanakhala nacho poyamba paja sindikanataya masabata awiri.

Chachitatu, yambani ndi phazi lalifupi

Buku lachiwiri likhale la mlembi yemweyo ngati lilipo, chifukwa mawu ake mwawazolowera kale ndipo mudzatha kuyesa ngati chiganizo chanu chija chikunena zoona. Achebe analemba No Longer at Ease mu 1960 ndi Arrow of God mu 1964, ndipo anthu ambiri amathamangira loyambalo pomva kuti likukamba za Obi Okonkwo, mwana wa Nwoye ndi mdzukulu wa Okonkwo. Magazi ndi amodzi, koma nkhani yake ndi ya ku Lagos, ya mnyamata wophunzira ku Mangalande amene akumira m'ngongole ndi ziphuphu pantchito ya boma. Kwa munthu wa chiganizo ngati changa, Arrow of God ndilo loyenera. M'menemo Ezeulu, wansembe wamkulu wa mulungu wotchedwa Ulu, akutumiza yekha mwana wake Oduche kwa amishoni kuti akakhale diso lake kumeneko, ndipo mwanayo akufika potsekera m'bokosi nsato yopatulika ya m'mudzimo. Taonani kusintha kwake: Nwoye anathawira kwa alendo, koma Oduche anachita kutumidwa ndi bambo ake, amene ankaganiza kuti angathe kutenga nzeru za alendo popanda kutaya mwana. Bukuli ndi lolemera kuposa Things Fall Apart, lili ndi mayina ambiri ndi misonkhano yaitali ya akuluakulu, choncho lembani mayina a ana a Ezeulu ndi amayi awo pa tsamba lomaliza la kope lanu pamene mukuwerenga mitu yoyambirira.

Chachinayi, musinthe chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Buku lililonse lili ndi zinthu zinayi zimene zingasinthe: dziko ndi mtundu wa anthu, nthawi imene nkhani ikuchitika, munthu amene tikuonera m'maso mwake, ndi kalembedwe. Mukasintha zonse zinayi nthawi imodzi, mudzasochera ndipo simudzadziwa chimene chakutopetsani. Mukasintha chimodzi n'kusunga zinazo, mudzaona bwino chimene mlembi watsopanoyo wabweretsa. Ndikuonetsani mmene ndinayendera ine.

Kuchoka kwa Achebe ndinasintha dziko lokha, n'kupita ku Kenya kwa Ngũgĩ wa Thiong'o ndi buku lake The River Between la mu 1965. Nthawi idakali ya amishoni ndi atsamunda, wofotokoza nkhani adakali wapambali, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta. Pali zitunda ziwiri, Kameno ndi Makuyu, zoyang'anizana, ndipo pakati pake pakuyenda mtsinje wa Honia. Chege akutumiza mwana wake Waiyaki ku mishoni ya Siriana ndi malangizo onga a Ezeulu aja, akuti akaphunzire zinsinsi za mzungu koma asasiye anthu ake. Chimene chinandigwira kwambiri n'chakuti Ngũgĩ anatembenuza nkhani ya Nwoye. Muthoni ndi mwana wa Joshua, mlaliki wolimba wa ku Makuyu, ndipo iye akuthawa bambo ake Achikhristu kupita ku Kameno kuti akavinidwe monga mwa mwambo wa Agikuyu, pamene akufunabe kukhala Mkhristu. Ife a kuno, amene timadziwa mmene nyengo ya jando ndi nsondo imagwedezera midzi ya ku Namwera ndi kwa Makanjira, sitifunika womasulira kuti timve chifukwa chimene mtsikana angaikire moyo wake pachiswe pofuna kuti asatchedwe mwana pakati pa anzake. Komabe ndichenjeze kuti mwambo wa m'bukuli ndi wa Agikuyu, ndipo umaphatikizapo mdulidwe wa atsikana umene ukubweretsa imfa m'nkhaniyi. Kufanana kulipo pa kulemera kwa chinamwali m'moyo wa munthu, osati pa zochitika zake zonse, ndipo wowerenga wosamala sasakaniza ziwirizi.

Ulendo wotsatira ndinasunga mwana wotumidwa kusukulu uja, koma ndinasintha chipembedzo cha kwawo. M'mabuku atatu apitawa, mbali ya makolo ndi ya mizimu ndi miyambo, ndipo mlendo ndi tchalitchi. Koma m'boma lathu lino ana ambiri amapita kusukulu m'mawa ndi kumadrasa masana, ndipo ndinkafuna buku limene likudziwa moyo umenewo. Ndinalipeza ku Senegal. Cheikh Hamidou Kane analemba m'Chifalansa buku limene linatuluka mu 1961, ndipo m'Chingerezi limatchedwa Ambiguous Adventure. Samba Diallo ndi mwana wa banja lachifumu la Adiallobé amene akuloweza Kurani pansi pa mphunzitsi wouma mtima koma womukonda kwambiri, dzina lake Thierno. Akuluakulu a fukoli akukangana ngati n'koyenera kutumiza ana kusukulu ya Afalansa, ndipo amene akudula mlanduwo ndi mayi, mlongo wake wa mfumu, amene akunena kuti ana apite akaphunzire mmene alendowo anapambanira nkhondo ngakhale kuti chilungamo sichinali mbali yawo. Iye akudziwa ndithu kuti sukuluyo idzapha zina mwa zimene iwo amazikonda mwa anawo. Samba akupitiriza mpaka ku Paris, ndipo funso limene likumutsata ndi lakuti kodi chimene waphunzira chikuposa chimene waiwala.

Pa buku limeneli ndiyenera kuvomereza kuti lamulo langa la kusintha chinthu chimodzi silinasungike bwino, chifukwa kalembedwe nakonso kanasintha. Kane alibe nthano za kamba, alibe maphwando a zilazi, ndipo zochitika n'zochepa. Mitu yambiri ndi anthu awiri kapena atatu atakhala pansi kukambirana za Mulungu, imfa ndi ntchito. Amene anakonda Achebe chifukwa cha mikangano ndi magule a pabwalo adzatopa nalo msanga. Ine ndinalimaliza chifukwa chiganizo changa chija chinali chamoyo pa tsamba lililonse, ndipo ndinkawerenga mutu umodzi wokha patsiku, popeza bukuli ndi lalifupi koma silifuna kuthamangitsidwa.

Pomaliza ndinasintha maso oonera nkhani. Mabuku onse anayi aja analembedwa ndi amuna, ndipo amene amatumidwa kusukulu ndi mwana wamwamuna. Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988, likufunsa za mlongo wake wa mwana ameneyo. Tambudzai akufotokoza yekha nkhani yake, ndipo akuyamba ndi kuvomera kuti imfa ya mchimwene wake Nhamo sinamumvetse chisoni. Chifukwa chake chikumveka pang'onopang'ono: ndalama za fizi zitachepa, banja linasankha mnyamata, ndipo iye analima kamunda kake ka chimanga kuti akagulitse mondokwa ku Umtali n'kudzilipirira yekha. Mwayi wopita ku mishoni, kumene Babamukuru, mkulu wa bambo ake, ndi mphunzitsi wamkulu, unabwera chifukwa cha imfa ija. Kumeneko akukhala chipinda chimodzi ndi Nyasha, mwana wa Babamukuru, amene anakulira ku Mangalande mpaka kuiwala Chishona. Apa sukulu siikufunikanso kuchita kukopa munthu ndi nyimbo, pakuti mwana akuifuna yekha ndi mtima wonse, ndipo mtengo wake akuuzindikira mochedwa. Mukaika Nwoye, Oduche, Waiyaki, Samba Diallo ndi Tambudzai pamzere umodzi, mwayenda mayiko anayi ndi zaka makumi atatu za kulemba, kuyambira 1958 mpaka 1988, koma funso limene munayamba nalo simunalitaye.

Amene chiganizo chawo chinali china, njira ndi yomweyi koma mayina ndi ena, ndipo ndingowatchula mwachidule. Wotsata Ekwefi ayambe ndi Efuru la Flora Nwapa la mu 1966, limene likadali pakati pa Aigbo, kenaka The Joys of Motherhood la Buchi Emecheta la mu 1979, mmene Nnu Ego akuchoka kumudzi kupita ku Lagos, ndipo akatero awolokere ku Senegal kwa Mariama Bâ. Buku lake So Long a Letter, limene linatuluka m'Chifalansa mu 1979, ndi kalata ya Ramatoulaye, mayi wa ana 12, amene akulembera mnzake ali m'nyengo ya miyezi inayi ndi masiku khumi yolira mwamuna amene anamusiya n'kukwatira mnzake wa mwana wawo wamkazi. Amayi a kuno amene anaonapo mitala sadzafunsa kuti bukuli likunena chiyani. Wotsata miyambi ndi kalankhulidwe apite kwa Ahmadou Kourouma wa ku Côte d'Ivoire, amene mu The Suns of Independence, la mu 1968, anapinda Chifalansa kuti chiyende ngati Chimalinke, monga mmene Achebe anachitira ndi Chingerezi ndi Chiigbo.

Chachisanu, yang'anani tsamba la kuseri kwa mutu wa buku

Mukangodutsa malire a mayiko olemba m'Chingerezi, khalani ndi chizolowezi chotsegula tsamba la zilembo zing'onozing'ono limene lili kuseri kwa tsamba la mutu. Pamenepo pamalembedwa chaka chimene bukulo linatuluka koyamba, chinenero chimene linalembedwamo, ndi dzina la womasulira. Zimenezi n'zofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chaka chimene chili pachikuto nthawi zambiri n'cha kusindikizanso, ndipo chingakunamizeni za amene anatsogola ndi amene anatsatira. Chachiwiri, ngati chimene mukutsata ndi kalembedwe, dziwani kuti mawu amene mukuwerengawo ndi a womasulira. Kourouma wa m'Chingerezi wataya zina mwa zimene zinadabwitsa owerenga Chifalansa, ndipo n'chimodzimodzinso Mia Couto wa ku Mozambique, amene amapanga mawu atsopano m'Chipwitikizi. Buku lake la mu 1992, Sleepwalking Land m'Chingerezi, likukamba za mkulu wina ndi mnyamata amene abisala m'basi yopsa pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, nkhondo imene anthu a m'malire a ku Chiponde akuikumbukira bwino chifukwa cha othawa kwawo amene anabwera kuno. Ngati mukutsata nkhani ndi anthu ake, kumasulira sikukuberani zambiri. Ngati mukutsata kukoma kwa chiganizo, musamuweruze mlembi ndi buku lomasulira limodzi lokha.

Chachisanu ndi chimodzi, liyeseni ndi masamba makumi atatu

Buku latsopano lipatseni masamba 30, owerengedwa m'masiku osapitirira atatu, ndipo mukafika pamenepo mutseke n'kudzifunsa mafunso awiri. Kodi ndingatchule munthu mmodzi ndi chimene akufuna? Kodi chimene akufunacho chikukhudza chiganizo changa? Mayankho ake amasiyanitsa mavuto awiri amene anthu amawasokoneza. Ngati simungathe kutchula munthu, vuto ndi kuvuta kwa bukulo, kaya mayina achilendo achuluka kapena nkhani ikulumpha zaka, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera pa mutu woyamba muli ndi pensulo, osati kulisiya. A Grain of Wheat la Ngũgĩ, la mu 1967, limachita zimenezi kwa ambiri, chifukwa limayamba masiku ochepa Kenya isanalandire ufulu mu 1963 koma limabwerera m'mbuyo kawirikawiri kudzera m'zikumbumtima za anthu angapo. Ngati munthuyo mungamutchule bwinobwino koma zofuna zake sizikukukhudzani, ndiye kuti mwachoka pa njira yanu, monga zinandichitikira ndi Armah. Libwezeni bukulo, lembani m'kope dzina lake ndi chifukwa chimene mwalisiyira, ndipo mudzalipeza tsiku limene funso lanu lidzasinthe.

Nthawi zina buku limene silikugwirizana ndi chiganizo chanu limakugwirani ndithu, ndipo zikatero musalimbane nazo. Zinandichitikira ndi Paradise la Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Bukuli, la mu 1994, silikamba za sukulu ya amishoni. Yusuf, wa zaka 12, akuperekedwa kwa wamalonda wolemera amene amamutcha amalume Aziz, ndipo pambuyo pake akuzindikira kuti iye ndi chikole cha ngongole ya bambo ake. Kenaka akuyenda ndi ulendo wa malonda wa anthu ambiri onyamula katundu kuchokera kugombe kulowa mkati mwa dziko, pamene Ajeremani akukhazikitsa ulamuliro wawo. Ndinawerenga ndikuganiza za njira zakale za Ayao zopita ku Kilwa, za mafumu monga Mponda ndi Makanjira amene anakula ndi malonda amenewo, ndiponso za linga la Fort Johnston limene Angerezi anamanga m'mbali mwa Shire mu 1891. Ndinazindikira kuti pansi pa chiganizo changa choyamba panali china, chofuna kuona dera ngati lathu lino m'masiku amene atsamunda anali asanamalize kulilanda. Ndinatsegula tsamba latsopano m'kope n'kulemba chiganizo chachiwiri.

Kumene mayina ndi mabuku amapezeka

Mayina a alembi ena musawafune kutali, chifukwa ali m'buku limene muli nalo m'manja. Mabuku akale a chikuto cha mtundu wa lalanje a mndandanda wa African Writers Series, umene kampani ya Heinemann inayamba mu 1962 ndi Things Fall Apart ngati nambala 1 ndipo Achebe mwini anali mlangizi wake kwa zaka khumi zoyambirira, ambiri ali ndi mayina a mabuku anzawo pa masamba oyamba kapena omaliza. Koperani mayina amenewo. Werenganinso mawu otsogolera, koma mutamaliza nkhani, chifukwa kawirikawiri amaulula mathero. Alembi nawonso amalozerana okha: chiganizo choyamba cha Purple Hibiscus la Chimamanda Ngozi Adichie, la mu 2003, chikutchula dala mawu a mutu wa buku la Achebe, ndipo nkhani yake ndi ya ana a bambo Wachikatolika wouma mtima amene anakana bambo ake omubereka chifukwa chosalowa tchalitchi. Wotsata Nwoye adzaona kuti apa mwana wa mishoni uja wakula n'kukhala Okonkwo wa m'nyumba mwake. Mphoto zokha musazidalire kwambiri, pakuti zimakuuzani kuti oweruza analikonda buku koma sizikuuzani kuti likufanana ndi lanu.

Kupeza mabukuwo kuno si kophweka, ndipo ndi bwino kuyenda ndi mayina atatu m'malo mwa limodzi. Yambani ndi malaibulale a sukulu za sekondale, makamaka zakale za mishoni, kumene mabuku a chikuto cha lalanje aja amakhala pa mashelefu a m'munsi osagwiridwa, ndipo mufunse aphunzitsi a Chingerezi, amene ambiri amasunga kunyumba mabuku amene anawerenga ku koleji. Mukatuma munthu wopita ku Zomba, Limbe kapena Lilongwe kwa ogulitsa mabuku akale, mulembereni pa foni mutu ndi dzina la mlembi monga mmene zilili pachikuto, chifukwa kulakwitsa chilembo chimodzi kumachititsa wogulitsa kunena kuti palibe. Buku lakale lisanalipiridwe, wotumidwayo aone tsamba lomaliza ndi masamba apakati, popeza ambiri amathothoka pamenepo. Wobwereketsa mumuuze tsiku lobweza ndipo mulisunge, ndi kulikuta bukulo ndi pepala lolimba, pakuti chinyezi cha m'mbali mwa nyanja ndi chiswe siziona kuti bukuli n'la eni.

Pa mayina atatu amene mukufunafunawo, limodzi likhale la kwathu kuno. Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo m'Chinyanja, ndipo linatuluka mu 1933, zaka 25 Achebe asanatulutse lake. T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Limatsata moyo wa munthu mmodzi wa Chichewa kuyambira kubadwa, unyamata wake wosamvera, ulendo wokagwira ntchito kunja, mpaka kukhala mfumu ndi kulowa Chikhristu. Kwa wotsata chiganizo changa chija, bukuli lili ndi phindu lapadera, chifukwa analemba ndi munthu amene anadutsa yekha m'sukulu ya mishoni ndipo akuona kutembenuka ngati mathero abwino, zimene Achebe ndi Ngũgĩ sanavomereze mosavuta. Muliwerenge mutamaliza The River Between, muli ndi kope lanu pambali, ndipo pa mutu uliwonse mulembe chimene Ntara akuchiyamikira pa moyo wa m'mudzi ndi chimene akuchidzudzula, kenaka mufanizire ndi zimene munalemba pa mutu 7, 16 ndi 17 wa buku la Achebe.